Chenjezo: Mtima Wothamanga M'mawa Si Matsire Nthawi Zonse

Inu a kwathu amene mukukhala kapena kugwira ntchito ku Block 3 muno mu Gaborone, kaya muli kunyumba zogonako kaya kumagaraji ndi mosungira katundu ku Block 3 Industrial, pali chinthu chimodzi chimene tikukupemphani kuti muchite mawa m'mawa. Mukangodzuka, musanaponde pansi, ikani zala ziwiri pamkono ndipo muwerenge kugunda kwa mtima wanu kwa mphindi yathunthu. Chitani zimenezi sabata yonse, kenako mudzachitenso m'mawa wotsatira usiku umene munamwa mowa, munadya nyama yambiri mochedwa kapena munagona maola ochepa. Ambiri a inu mudzapeza kuti nambala yakwera. Kukwera kumeneku kuli ndi zifukwa zodziwika bwino, ndipo nthawi zambiri kumatha pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri. Koma pali kuthamanga kwina kwa mtima kumene kumabisala m'mawa womwewo, munthu n'kumati ndi matsire chabe, pomwe ndi chiyambi cha sitiroko. Tikulemba kuti mudziwe kusiyanitsa ziwirizi nyengo yotentha ndi ya zikondwerero isanatipeze.

Tiyambe ndi mmene mtima umadziwira liwiro lake. M'chipinda chakumwamba cha kumanja kwa mtima muli kagulu ka maselo kamene kamatulutsa kamphamvu ka magetsi, ndipo kamphamvu kalikonse kamabala kugunda kumodzi. Kaguluka kakasiyidwa pakokha, popanda chokalamulira, kamagunda pafupifupi ka 100 pa mphindi mwa munthu wachinyamata. Nanga n'chifukwa chiyani munthu wathanzi akakhala phee mtima wake umagunda ka 60 kapena ka 70? N'chifukwa cha mtsempha wa mauthenga wotchedwa vegasi, umene umachokera mu ubongo, kutsika m'khosi mpaka kumtima ndi m'mimba. Ntchito yake pamtima ili ngati phazi la dalaivala wa kombi pa buleki potsika mtunda: silichoka, limangowonjezera kapena kuchepetsa kuponda. Mbali ina kuli mitsempha yofulumizitsa, imene imagwira ntchito limodzi ndi adirenalini pamene thupi likufuna mphamvu. Choncho nambala imene mumawerenga pamkono ikukuuzani mmene mbali ziwirizi zikukokerana. Mtima ungathamange chifukwa chakuti wina waufulumizitsa, komanso ungathamange chabe chifukwa chakuti buleki yafooka.

Usiku wabwino ndi nthawi imene vegasi amagwira ntchito yake mokwanira. Munthu akalowa tulo tofa nato, makamaka maola oyambirira, mtima umatsika liwiro, thupi limazizirako pang'ono, ndipo bipi imatsika ndi magawo 10 mpaka 20 pa 100 alionse. Mtima sulandira tchuthi m'moyo wonse wa munthu, kotero maola amenewa ndiwo mpumulo wokha umene uli nawo. Mowa, chakudya cholemera cha usiku ndi tulo toperewera zonse zimalanda mpumulo umenewu, chilichonse mwa njira yake. Pa zitatuzi, chachikulu ndi mowa, ndipo sitibisa mawu pamenepa.

Tiyerekeze bambo wina wa zaka 42, wolemera makilogalamu 70, amene amayendetsa galimoto yonyamula katundu. Manambala ake tangowasankha kuti nkhani imveke, koma ndi otheka. M'mawa wamba mtima wake umagunda ka 64, ndipo ali m'tulo umatsika kufika ka 56. Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, malipiro atalowa, wayamba kumwa 6 koloko madzulo ndipo pofika 10 koloko wamaliza mabotolo atatu akuluakulu a mamililita 750, a mowa wa mphamvu ya 5 peresenti. Iye akuti wamwa atatu okha. Tiyeni tiwerenge. Botolo limodzi lotere lili ndi mamililita 37.5 a chidakwitso chenicheni, chimene pa sikelo ndi pafupifupi magalamu 30. Mabotolo atatu ndi magalamu 90. Chiwindi cha munthu wa msinkhu wake chimaphwanya pafupifupi magalamu 7 pa ola, ndipo palibe khofi, madzi ozizira kapena supu ya tsabola imene ingachifulumizitse. Magalamu 90 akufuna maola pafupifupi 13. Ndiye kuti bamboyu akagona 12 koloko usiku n'kudzuka 5 koloko kuti akagwire ntchito ya Loweruka, tulo take tonse wagona mowa uli m'magazi, ndipo podzuka akadali ndi mowa wokwana kabotolo kakang'ono kamodzi m'thupi. Kuti akayendetsa galimoto ali choncho ndi vuto lina lalikulu palokha.

Kodi mowawo ukuchita chiyani pa maola asanu amenewa? Poyamba umafooketsa vegasi, buleki n'kumasuka. Umatanukulanso timitsempha ta magazi ta pakhungu, n'chifukwa chake womwa amamva kutentha ndi kutuluka thukuta. Mitsempha ikatanuka bipi imatsika, ndipo thupi likazindikira kutsikako limalamula mtima kuti ufulumire pofuna kuti magazi afikebe ku ubongo. Mowa umaletsanso homoni imene imauza impso kuti zisunge madzi, kotero munthu amakodza kwambiri, madzi m'magazi n'kuchepa, ndipo mtima umayenera kugunda kambiri kuti upope magazi omwe aja. M'chiwindi, mowa umasanduka kaye poizoni wotchedwa asetalidehaidi usanasanduke chinthu chosavulaza, ndipo poizoni ameneyu nayenso amafulumizitsa mtima. Kenako cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, mowa ukayamba kuchepa, ubongo umene unaponderezedwa umadzambatuka, adirenalini n'kukwera. Amene amamwa amaidziwa nthawi imeneyi: maso gwa, kukhosi kouma, mtima ukumveka m'makutu, tulo osabweranso.

Izi zinayezedwa. Ku Finland, ofufuza anatsatira anthu apantchito oposa 4,000 amene anavala zida zoyezera mtima ali m'nyumba zawo, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018. Anayerekeza usiku umene munthu wamwa ndi usiku umene munthu yemweyo sanamwe. M'maola atatu oyamba a tulo, amene anamwa pang'ono mtima wawo unawonjezera kugunda kamodzi kapena kawiri pa mphindi, amene anamwa mwapakati kanayi, ndipo amene anamwa kwambiri pafupifupi ka 9. Kumwa kwambiri pa kafukufukuyu kunali kupitirira magalamu 0.75 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kwa bambo wathu wa makilogalamu 70, malire amenewo ndi magalamu 53, osakwana mabotolo awiri. Iye wamwa 90. Mu 2020 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa kafukufuku wambiri ndipo linapeza chinthu china chofunika kwa odwala bipi: mowa wambiri umatsitsa bipi kwa maola pafupifupi 12 oyamba, kenako umaikweza, pomwe mtima umakhalabe wothamanga mpaka maola 24. Ndiye munthu amene amayeza bipi yake usiku atamwa n'kuona kuti ili bwino akudzinyenga. Ayeze masana a tsiku lotsatira.

Bambo uja sanangomwa. Cha m'ma 10 koloko njala yamugwira, ndipo wadya mbale yodzaza phaletšhe, nsima ya kuno, ndi nyama yootcha yamafuta ndi soseji. Kuno ku Botswana ng'ombe si yosowa ngati kwathu, ndipo ambiri a ife tinazolowera msanga kudya nyama yochuluka imene ku Ntcheu kapena ku Chipata tikanaiona pa ukwati pokha. Chakudya chikafika m'mimba, magazi opita kumatumbo amachuluka kwambiri, nthawi zina kuwirikiza kawiri. Magazi owonjezerawo ayenera kuchokera kwinakwake, ndipo mtima umawapereka powonjezera mphamvu ndi liwiro. Kugaya chakudya kumatulutsanso kutentha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ya chakudyacho, ndipo nyama imatulutsa kutentha kochuluka kuposa nsima. Thupi limene limafunika kuzizirako kuti ligone bwino likuwotchedwa kuchokera m'kati. Mafuta amachedwetsa chakudya kutuluka m'chifu, moti mbale yotere imatha kukhalamo maola anayi kapena kupitirira. Munthu akagona chafufumimba kapena chagada mimba ili ndi katundu wotere, asidi amakwera kummero, kutentha pamtima n'kumamudzutsa pang'onopang'ono usiku wonse ngakhale iye sakumbukira.

Kunena zoona, chakudya chokha sichikweza mtima kwambiri ngati mowa, ndipo mphamvu yake imatha chikagayika. Amene wadya mochedwa osamwa amaona mtima wake uli pamwamba maola oyamba a usiku, n'kutsika cha kum'mawa. Koma ambiri a ife timadya mochedwa tsiku ndi tsiku, chifukwa timaweruka mochedwa, kudikira kombi, kufika kunyumba n'kuyamba kuphika 9 koloko. Ngati zingatheke, pakhale maola atatu pakati pa mbale yomaliza ndi pogona. Ngati sizingatheke, chakudya chachikulu chikhale cha masana, usiku mudye chopepuka.

Tulo toperewera ndiye gawo lachitatu. Bambo wathu wagona maola asanu, ndipo theka lake linali lodukaduka. Nthawi iliyonse imene munthu wadzidzimuka, ngakhale kwa masekondi ochepa, mtima umalumpha ndipo bipi imakwera. Usiku ukafupika, maola amene vegasi akanalamulira amachepa, ndipo tsiku lotsatira thupi limadalira adirenalini kuti liyende. Usiku umodzi woipa paokha umawonjezera kugunda kochepa chabe, ndipo mwa anthu ena osaoneka n'komwe. Choopsa ndi chizolowezi, monga cha alonda ausiku amene amayesa kugona masana m'chipinda cha malata kunja kukuwotcha. Kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale, Gaborone amatentha mpaka kupitirira madigiri 35 masana, ndipo makoma amasunga kutenthako mpaka pakati pa usiku. Thupi likatentha limatumiza magazi ambiri kukhungu, mtima n'kuwonjezera liwiro. Mowa womwewo umene munamwa mu Juni kukuzizira umavutitsa mtima kwambiri mu Disembala.

Pali anthu ena amene ayenera kumvetsera kwambiri pano, ndipo akazi awo amawadziwa. Ndi aja amene amaliza mkonono waukulu, kenako n'kukhala zii osapuma kwa masekondi angapo, n'kudzambatuka ngati akutsamwa. Kukhosi kwawo kumatsekeka ali m'tulo, mpweya m'magazi umatsika, ndipo mtima umagwedezeka kambirimbiri usiku umodzi. Mowa umalefula minofu ya kukhosi, choncho vutoli limakula usiku umene amwa. Matendawa amakweza bipi ndipo amasokoneza kagundidwe ka mtima. Mayi, ngati bambo a kunyumba kwanu amachita zimenezi, musamangowagwedeza kuti atembenuke. Auzeni m'mawa, ndipo mupite nawo kuchipatala kuti mukafotokoze inuyo zimene mumamva, popeza iwo sadzimva.

Tikaphatikiza zonse, mtima wa bambo uja usiku umenewo sunatsike kufika pa 56. Tinene kuti unakhala pa 68. Kugunda kowonjezera ka 12 pa mphindi kwa maola asanu ndi kugunda 3,600 kumene sikukanafunika. Podzuka akuwerenga 78 m'malo mwa 64. Akapuma bwino, kumwa madzi ndi kugona msanga Loweruka, Lamulungu m'mawa apeza 68, ndipo Lolemba abwerera pa 64. Awa ndiwo maonekedwe a kukwera wamba, ndipo muwasunge m'mutu. Kugundako kumakhala kwadongosolo, mpata wofanana pakati pa kugunda kulikonse. Kukwerako kumakhala kwa 5 mpaka 15 pamwamba pa nambala yanu ya masiku onse, ndipo kawirikawiri sikufika pa 100 munthu ali chigonere. Kumatsikanso kokha pasanathe masiku awiri. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, musanenenso kuti ndi matsire.

Apa ndi pamene pali chenjezo lenileni. Mu 1978 dokotala wina wa ku New Jersey, m'dziko la America, Philip Ettinger, ndi anzake analemba za odwala 24 amene ankafika kuchipatala mtima utasokonezeka atamwa kwambiri. Anaona kuti odwalawa ankachuluka kumapeto kwa sabata ndi chakumayambiriro kwake, komanso nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, ndipo kuyambira pamenepo madokotala amalitcha vutoli mtima wa patchuthi. Nthawi zambiri chimene chimachitika ndi chakuti zipinda ziwiri zakumwamba za mtima zimasiya kugunda n'kuyamba kunjenjemera. Madokotala amati atiriyo fibirileshoni, ndipo pa mawotchi ena oyeza mtima pamalembedwa AFib. Pamkono mumamva kugunda kosokonekera, kwina kwamphamvu kwina kofooka, kwina kothithikana kwina kotalikirana, kopanda dongosolo lililonse, nthawi zambiri kupitirira ka 100 ndipo mwina mpaka ka 150. Ena amamva ngati china chikuphupha pachifuwa, amabanika kapena kuchita chizungulire. Ena samva kanthu konse, ndipo chala chokha ndicho chingawauze.

Kuopsa kwake n'kotere. Chipinda chimene chikunjenjemera sichikankha magazi onse, ndipo magazi otsalira amaundana. Kachibuluma kakachoka pamenepo kamapita mu ubongo n'kutseka mtsempha. Munthu amene ali ndi vutoli ali pa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu kuposa amene alibe. Ndipo silisankha zidakwa zokha. Limagwira ngakhale munthu amene samwa mwezi wonse koma amamwa mosadziletsa tsiku la malipiro, makamaka ngati ali ndi bipi, shuga, thupi lalikulu kapena wadutsa zaka 50. Kuti mowa ndiwo umalisonkhezera zinaoneka bwino ku Melbourne, m'dziko la Australia, pa kafukufuku wosindikizidwa mu 2020. Anthu 140 amene anali ndi vutoli ndipo ankamwa kawirikawiri anagawidwa pawiri. Pa miyezi isanu ndi umodzi, vutoli linabwereranso mwa anthu 53 pa 100 alionse a gulu limene linauzidwa kusiya mowa, poyerekeza ndi 73 pa 100 alionse a gulu limene linapitiriza.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala amene timadzipatsa tokha m'mawa wotero. Wina amagula chakumwa chopatsa mphamvu cha m'chitini, n'kuwonjezera ufa wa mutu umene nthawi zambiri umakhala ndi kafeini ndi asipirini, n'kusuta fodya pamwamba. Kafeini ndi chikonga cha mu fodya zonse zimakankha mtima umene buleki yake yafooka kale, ndipo asipirini amapweteka chifu chimene mowa wachikanda. Theka la kafeini amene mwamwa limakhala likadali m'thupi pakatha maola pafupifupi asanu, kotero chitini cha madzulo chimawononganso tulo ta usiku wotsatira. Wina amati achotse matsire ndi botolo lina. N'zoona kuti amamva bwino kwa ola limodzi, chifukwa wapondereza ubongo kachiwiri, koma wangosunthira vuto lomwelo kutsogolo ndi kulikulitsa. Wina amathamanga kapena kunyamula zitsulo padzuwa kuti mowa utuluke ndi thukuta. Mowa wotuluka ndi thukuta ndi wochepa kwambiri, chimene chimatuluka ndi madzi ndi mchere zimene mtima ukuzifuna.

Choipitsitsa ndi kubwereka mapiritsi a mnzako. Pali mankhwala a bipi, monga atenololo ndi puropuranololo, amene amachedwetsa mtima, ndipo anthu amapatsana poti amaletsa kugunda. Musachite zimenezi. Ngati mtima ukuthamanga chifukwa madzi achepa m'thupi, chifukwa cha malungo kapena chifukwa mukutaya magazi m'mimba, kuthamangako ndiko kukukusungani ndi moyo, ndipo kuuchedwetsa kungakugwetseni. Kwa wodwala mphumu, puropuranololo angatseke chifuwa. Mbali inanso, amene munapatsidwa mankhwalawa ndi dokotala musamawadumphe tsiku limene mukufuna kumwa mowa. Kuwasiya mwadzidzidzi kumachititsa mtima kuthamanga kuposa kale. Funsani kuchipatala za mowa ndi mankhwala anu, osati kudzidulira nokha.

Kukwera kumene sikukutsika pakatha masiku awiri kapena atatu, ngakhale kugundako kuli kwadongosolo, kukunena za chinthu china. Kutentha thupi kumawonjezera pafupifupi kugunda ka 10 pa digiri iliyonse. Ife amene timapita kumudzi pa Khirisimasi tikumbukire malungo. Gaborone si dera la malungo ngati Nkhotakota kapena Nsanje, ndipo munthu akakhala kuno zaka zingapo chitetezo chimene anakula nacho chimachepa. Mutu, kuphwanya m'thupi, mseru ndi mtima wothamanga patatha sabata imodzi kapena zingapo mutabwera kuchokera ku Malawi, ku Zambia, ku Tete kapena kumpoto kwa Botswana monga ku Chobe, zimafanana kwambiri ndi matsire. Pitani mukayezetse, ndipo muwauze a chipatala kumene munali, chifukwa mwina sangaganize za malungo mukapanda kunena. Kuchepa kwa magazi, kofala mwa amayi amene amataya magazi ambiri pa mwezi, nakonso kumathamangitsa mtima, chimodzimodzi chifuwa chachikulu ndi chithokomiro chogwira ntchito mopitirira. Chimbudzi chakuda ngati phula mutamwa mowa ndi asipirini ndi chizindikiro cha magazi otayika m'mimba, ndipo chimenecho n'chothamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuti zonsezi zikuthandizeni, muyenera kudziwa nambala yanuyanu. Mabuku amati munthu wamkulu akapuma mtima ugunde ka 60 mpaka ka 100, koma mpata umenewu ndi waukulu. Munthu wa 58 akafika pa 85 wasintha kwambiri ngakhale kuti akadali m'malire. Kuyeza kwake n'kosavuta. Tembenuzani dzanja chikhatho chiyang'ane kumwamba, ikani chala cholozera ndi chapakati pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, ndipo mudinikize pang'ono mpaka mumve kugunda. Musagwiritse ntchito chala chachikulu, chifukwa chili ndi kugunda kwakekwake. Werengani masekondi 60 athunthu. Ena amawerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi, koma njira imeneyo imabisa kusokonekera kumene tikufuna kuti mugwire. Yezani musanamwe tiyi kapena kusuta, ndipo ngati alamu yakudzidzimutsani kapena mwapita kaye kukataya madzi, gonaninso mphindi zisanu musanayambe. Lembani nambalayo m'kope kapena mufoni, pambali pake mulembe maola amene munagona, zimene munamwa ndi nthawi imene munadya. Amene mumagwira ntchito usiku yezani mukadzuka pa tulo tanu tatikulu, kaya ndi masana.

Ambiri tsopano ali ndi mawotchi oyeza mtima, ndipo ndi othandiza poona mmene usiku wonse wayendera. Koma wotchi imayeza ndi kuwala kobiriwira pakhungu, ndipo imalakwitsa lamba akakhala womasuka, dzanja likamagwedezeka kapena mtima ukasokonekera. Ikakuonetsani nambala yachilendo, tsimikizani ndi zala. Makina a bipi a kunyumba nawonso amaonetsa kugunda kwa mtima pamene palembedwa PULSE, ndipo ambiri amayatsa kachizindikiro ka mtima akapeza kuti kugunda sikuli kwadongosolo. Kachizindikiro kameneko kakabwera kangapo, musakanyalanyaze. Wotchi kapena makinawa sangagamule matenda. Chogamula ndi ECG, kuyeza magetsi a mtima, kumene kumatenga mphindi zochepa ndipo sikupweteka. Vuto ndi lakuti kusokonekeraku kumatha kubwera n'kuchoka kokha pa maola angapo, kotero muyenera kupita pamene kukuchitika. Mukadikira mpaka Lachiwiri, pepala lidzatuluka loyera, inu n'kubwerera kunyumba ndi vuto lanu.

Boma la Botswana linaika msonkho wapadera wa 30 peresenti pa mowa mu 2008, nthawi ya Pulezidenti Ian Khama, unakwera mpaka 55 peresenti, kenako unatsitsidwa kufika pa 35 mu 2018. Msonkho ungasinthe mtengo wa botolo, koma sungauze munthu kuti mabotolo atatu ndi maola 13 a ntchito ya chiwindi. Chiwerengero chimenecho aliyense adzichitire yekha. Ngati mwasankha kumwa, chepetsani, yambani ndi kumaliza msanga, idyani musanayambe m'malo modya pomaliza, ndipo muzimwa madzi pakati. Madzi amathandiza pa kuuma kwa thupi kokha, sabwezeretsa vegasi. Ndipo ngati nambala yanu ya Lolemba yayamba kukwera mwezi ndi mwezi, kuchoka pa 64 kufika pa 70 ndi 76, ndiye kuti mtima sukupezanso mpata wobwerera. Ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, amuna pafupifupi 2,800 anatsatiridwa kwa zaka 16, ndipo zinapezeka kuti kugunda ka 10 kalikonse kowonjezera pa mphindi kunkayendera limodzi ndi chiopsezo cha imfa chokwera ndi 16 peresenti, ngakhale ataganizira za mphamvu za thupi la munthuyo.

Pali gulu limodzi limene malangizo oti ingosiyani angalivulaze. Ngati mumamwa kwambiri tsiku lililonse, ndipo mukadzuka manja amanjenjemera, thukuta limatuluka ndi mtima umathamanga mpaka mutamwanso, amenewo si matsire. Thupi lanu lazolowera mowa ndipo likuvutika ukachoka. Zizindikirozi zimayamba pakatha maola 6 mpaka 24 kuchokera pa botolo lomaliza, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu munthu angakomoke ngati wakhunyu, kuona zinthu zomwe palibe ndi kusokonezeka mutu, mpaka kufa. Musasiye mwadzidzidzi muli nokha m'chipinda. Pitani kukiliniki mukanene chilungamo cha kuchuluka kwa zimene mumamwa, chifukwa pali mankhwala othandiza kudutsa masiku amenewo bwinobwino.

Tikudziwa kuti ena a ife timaopa chipatala chifukwa mlendo amalipira, ndipo ena chifukwa cha mapepala. Komabe pali zizindikiro zimene sizidikira mawa kapena malipiro. Mtima ukagunda mosokonekera, kapena ukapitirira ka 100 muli chigonere ndipo sukutsika mutapuma ndi kumwa madzi, pitani kukiliniki tsiku lomwelo. Ukapitirira ka 120 muli phee, kapena pakakhala kupweteka kapena kulemera pachifuwa kofika kumkono, kunsagwada kapena kumsana, kubanika, kapena kukomoka, imbani 997 kuitana ambulansi, kapena wina akutengereni ku Princess Marina Hospital kapena chipatala china chapafupi cholandira odwala mwadzidzidzi. Musayendetse nokha galimoto. Ndipo inu amene mumagona nyumba imodzi ndi mnzanu womwa, mukaona m'mawa pakamwa pake papotoka, mkono umodzi ukugwa akaukweza, kapena mawu ake akukokeka, musamusiye kuti agone mowa uthe. Onani nthawi imene munamuona komaliza ali bwino, chifukwa madokotala adzakufunsani, ndipo musamupatse chakudya, madzi kapena piritsi lililonse mpaka afike kuchipatala.